Kalata kwa ophunzira atsopano: malamulo odzitetezera mu labotale ndi zifukwa zake

Okondedwa ophunzira atsopano,

Takulandirani. Musanagwire chubu choyamba cha magazi kapena kabotolo ka makhololo, pali malamulo amene mudzawapeza atamatidwa pakhoma. Ndikulemberani kuti mudziwe chifukwa chimene chili kumbuyo kwa malamulowo, pakuti lamulo limene munthu sadziwa chifukwa chake amalisiya tsiku loyamba limene ntchito yachuluka.

Ndiyambe ndi mfundo imene ambiri imawadabwitsa. M'chaka cha 1976, wasayansi wa ku America dzina lake Robert Pike anasonkhanitsa malipoti a anthu 3,921 amene anatenga matenda akugwira ntchito mu labotale. Mwa anthu onsewa, amene ankatha kuloza ngozi yeniyeni, monga kudzibaya ndi singano kapena kutaya chubu, sanakwane mmodzi mwa asanu alionse. Otsalawo anangodwala. Anagwira ntchito monga mwa masiku onse, osasweka kanthu, osatayika kanthu, n'kupita kwawo ali bwinobwino. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo mu labotale mawu amenewa ndi oona kwambiri. Ambiri mwa anthuwo akuganiziridwa kuti anapuma timadontho tosaoneka touluka mumpweya. N'chifukwa chake gawo lalikulu la kalatayi likamba za mpweya, ndipo zina ndidutsamo mwachangu.

Madzi akagwedezeka, akathovoka kapena akatuluka mwamphamvu pakabowo, amatulutsa timadontho. Tikulutikulu timagwa pa benchi ndi pa magolovesi nthawi yomweyo. Ting'onoting'ono timauma tisanafike pansi, n'kutsala kanjere kopepuka ka maikuloni 1 mpaka 5. Maikuloni imodzi ndi milimita imodzi yogawidwa ka 1,000, ndiye kanjereko simungakaone. Kamatha kuyandama m'chipinda kwa maola, ndipo mukakapuma sikakodwa m'mphuno ayi, kamalowa mpaka pansi penipeni pa mapapo. Umu ndi mmene chifuwa chachikulu cha TB chimafalira, ndipo tizilombo tochepa kwambiri timakwana kuti munthu atenge matendawa.

Zinthu zimene zimapanga timadontho timeneti ndi zazing'ono. Kutsegula chivindikiro cha kabotolo kamene kangogwedezeka kumene, pamene pali kansalu kamadzi pakati pa chivindikiro ndi kukamwa kwa botolo. Kupemerera dontho lomaliza kuti lituluke mu pipeti, kachubu kotapira madzi. Kuika pa moto lupu, kawaya kotapira, yonyowa ndi makhololo, imene imathetheka n'kumwaza tizilombo tisanapse. Kutsanula madzi kuchokera m'mwamba. Zonsezi munthu amazichita osamva kuti walakwitsa.

Tiyeni titsatire kabotolo kamodzi ka makhololo. Wodwala sakhosomolera mu labotale, kapena m'chimbudzi, kapena pakhonde lodzaza anthu. Amapita panja pamalo opita mphepo, chifukwa kukhosomola kumatulutsa timadontho tambiri kuposa chilichonse chimene mudzachite pa benchi. Kabotolo kakafika, yang'anani kunja kwake muli ndi magolovesi. Ngati kadontha, fomu imene kabwera nayo nayonso ndi yoipitsidwa, musaitengere ku tebulo lolemberapo. Kabotolo kamene kayenda pa njinga yamoto kuchokera kuchipatala chakumudzi kagwedezeka njira yonse, choncho kaimikeni kwa mphindi zingapo musanakatsegule, ndipo potsegula tsegulani pang'onopang'ono, kukamwa kwake kutaloza kutali ndi nkhope yanu.

Kupaka makhololo pa silaidi kapena kuwakonzera makina oyezera TB a GeneXpert ndi ntchito imene bungwe la WHO limaiika m'gulu la chiopsezo chochepa, chifukwa makhololo ndi onanda ndipo sauluka msanga. Ikhoza kuchitika pa benchi, koma pokhapokha chipinda chikupita mpweya bwino. Mpweya uyenera kuchokera kumbuyo kwanu, kudutsa pa kabotolo, n'kutuluka panja. Mukakhala moyang'ana zenera limene mphepo ikulowera, ndiye kuti zonse zotuluka m'kabotolomo zikubwera kumaso kwanu. Kuti mudziwe kumene mpweya ukulowera, gwirani kachidutswa kopyapyala ka tishu pamwamba pa benchi muone kumene kakupendekera. Chitani zimenezi m'mawa komanso masana, chifukwa mphepo imatembenuka. Fani ya padenga ingokuziziritsani, koma imangozunguliza mpweya womwewo m'chipindamo.

Popaka, kamtengo kogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya ndi kabwino kuposa lupu. Ngati pali lupu yokha, ichotseni kaye makhololo m'botolo la mchenga ndi sipiriti musanaiike pa moto. Silaidi iume yokha, musaiwambe ili yonyowa. Dziwaninso kuti kuidutsitsa pa moto kumangomata makhololo pagalasi, sikupha tizilombo tonse, ndiye silaidi yosapaka utoto muziigwirabe ngati ili ndi matenda. Pa GeneXpert mumathira mankhwala osungunulira magawo awiri pa gawo limodzi la makhololo, kutseka, kugwedeza, n'kudikira mphindi 15 zonse pamodzi. Mphindi zimenezi zili ndi ntchito ziwiri: makhololo amasungunuka, komanso tizilombo tamoyo timachepa kwambiri. Wodula nthawiyi chifukwa cha mzere wautali amawononga zotsatira, komanso amadziika yekha pangozi.

Zinthu zimasintha makhololo akasungunulidwa n'kuzunguzidwa kuti tizilombo tisonkhane pamodzi, kapena mukamagwira tizilombo tomeretsedwa. Apa madziwo ndi opepuka ndipo tizilombo tachuluka kwambiri. Ntchito imeneyi imachitikira mu kabineti yotetezera basi.

Kabineti ya gulu lachiwiri, imene mudzaipeza m'malabotale ambiri, ilibe chitseko pakati pa inu ndi tizilombo. Chimene chimakutetezani ndi mpweya umene makina amakokera mkati kudzera pa timabowo takutsogolo, pa liwiro la pafupifupi theka la mita pa sekondi. Mpweyawo umadutsa mu sefa ya HEPA, imene imagwira 99.97% ya tinthu ta maikuloni 0.3. Theka la mita pa sekondi ndi kamphepo kofooka ndithu. Munthu wodutsa mothamanga kumbuyo kwanu, chitseko chotsegulidwa mwamphamvu, fani, kapena mkono wanu wotuluka mofulumira, zonsezi zimang'amba chinsalu cha mpweyacho n'kukokera zamkati panja. Malamulo onse a kabineti amachokera pamenepa. Iyatseni kwa mphindi zisanu musanayambe. Ikani zonse zofunika mkati nthawi imodzi kuti musamangotulutsa manja. Mukalowetsa manja, dikirani pafupifupi mphindi imodzi kuti mpweya ukhazikike. Gwirani ntchito masentimita 10 kapena kuposerapo kuchokera pa timabowo takutsogolo, ndipo musaikepo pepala, chikho kapena chigongono, pakuti mukatseka timabowoto mwatseka chitetezo chanu. Moto wa gasi sulowa mu kabineti: kutentha kumasokoneza kayendedwe ka mpweya ndipo kukhoza kuwononga sefa.

Musanaikhulupirire kabineti, onani zinthu zitatu. Chikalata chomatidwa pambali chisonyeze kuti inayesedwa m'chaka chimenechi. Geji iwerenge monga imawerengera masiku onse, chifukwa ikakwera kwambiri ndiye kuti sefa yayamba kutsekeka, ndipo ikatsika mwadzidzidzi mwina sefa yabooka kapena fani yafooka. Kenako kachidutswa ka tishu kaja, mukakagwira pakhomo pa kabineti, kakokedwere mkati. Magetsi akathima muli pakati pa ntchito, tsekani machubu onse, tulutsani manja pang'onopang'ono, tsitsani galasi, ndipo musapitirize mpaka magetsi atabwera ndipo kabineti yayendanso kwa mphindi zingapo. Chenjeraninso ndi makina ena ofanana nayo kwambiri, amene ntchito yake ndi kuteteza zimene mukukonza kuti zisalowe fumbi. Amenewo amapemerera mpweya kumaso kwanu. Kuikamo makhololo ndi koopsa kuposa kugwira ntchito pa benchi.

Pa masiki ndinene mwachidule. Masiki wamba a kuchipatala amatchinga malovu ndi madontho aakulu, koma mpweya umalowa m'mbali mwake. Yotchinga timadontho touluka ndi N95, ndipo nayonso imagwira ntchito ikamata bwino pankhope. Finyani kachitsulo ka pamphuno, phimbani ndi manja, tulutsani mpweya mwamphamvu. Mukamva mpweya ukutulukira m'maso kapena m'masaya, sinamate. Ndevu zimalepheretsa kumata. Ndipo N95 siilowa m'malo mwa kabineti kapena mazenera otsegula.

Tsopano tione ngozi imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chifukwa tsiku lina idzakuchitikirani. Mwaika machubu a magazi mu sentirifyuji, makina ozunguza aja, ndipo akuzungulira ka 3,000 pa mphindi. Mwadzidzidzi mukumva kuphulika pang'ono, kenako makina akuyamba kunjenjemera ndi kulira mwachilendo. Chubu chasweka. Nthawi zambiri chimene chachititsa ndi chimodzi mwa izi: machubu oyang'anizana sanali olemera mofanana, chubu chinali ndi mng'alu, kalabala ka pansi pa chikho choikamo chubu kanasowa, kapena munatsala kagalasi ka chubu china chimene chinasweka kale.

Dzanja limathamangira kutsegula kuti muone. Musatero. Mkatimo magazi amwazidwa ndi liwiro lija n'kusanduka nkhungu, ndipo mukatsegula, nkhunguyo ikwera molunjika kumaso kwanu. Zimitsani makina, asiyeni otseka kwa mphindi 30 kuti timadontho tikhazikike, matanipo pepala lochenjeza ena, ndipo uzani woyang'anira. Ngati mwazindikira kuti chasweka mutatsegula kale, tsekaninso msanga n'kuwerenga mphindi 30 zomwezo. Nthawi ikakwana, valani gauni, magalasi oteteza maso ndi magolovesi olimba a labala. Magalasi osweka tolani ndi chopanira, osati ndi zala, ndipo tizidutswa tating'ono tolani ndi thonje logwiridwa ndi chopaniracho. Zonsezi zipite m'bokosi la zobaya. Zikho ndi zina zochotseka zinyikeni m'mankhwala opha tizilombo amene sadya chitsulo, kapena ziphikeni mu otokilevu, makina ophera tizilombo ndi nthunzi, ngati anazipanga kuti zipirire kutentha. Machubu amene sanasweke, ngati ndi otseka bwino, apukuteni kunja ndi mankhwala m'chotengera china, magazi ake akhoza kuyezedwabe. Mkati mwa makina pukutani kawiri, tsukani ndi madzi, n'kuumitsa. Klorini musamusiye pa zitsulo za makinawa, makamaka za aluminiyamu, chifukwa amazidya n'kusiya timaenje, ndipo chikho chodyeka ndicho chidzathyoke makina akuthamanga. Ngati kulibe mankhwala ena ndipo mwagwiritsa ntchito klorini, tsukani bwino ndi madzi pambuyo pake. Kumene kuli zikho zokhala ndi zivindikiro zomata, ntchito imapepuka: mumanyamula chikho chonse chili chotseka n'kukachitsegulira mu kabineti.

Zikatayikira pansi, njira yake ndi ina pang'ono, ndipo imadalira chimene chatayika. Chubu cha magazi chikagwa, chenjezani anzanu, valani zodzitetezera, phimbani magaziwo ndi mapepala oyamwa madzi, kenako thirani klorini wa 0.5% kuyambira m'mphepete kulowera pakati. Mukayambira pakati, madziwo amakankhira magazi kunja n'kukulitsa malo oipitsidwa. Musapopere ndi botolo lopopera, chifukwa mudzutsa timadontho tomwe tija. Dikirani mphindi 30, tolani zonse, n'kupukutanso malowo kachiwiri ndi klorini watsopano. Kupukuta kachiwiriku n'kofunika chifukwa magazi amafoola klorini: woyamba uja mphamvu yake yambiri inathera pa magaziwo. Sipiriti si wothira pa magazi otayika, amauluka asanamalize ntchito.

Koma chikatayika ndi madzi okhala ndi tizilombo ta TB tomeretsedwa, kunja kwa kabineti, choyamba si kupukuta ayi. Aliyense atuluke, chitseko chitsekedwe, pakhomo pamatidwe chenjezo, ndipo pasalowe munthu kwa ola limodzi kapena kuposerapo. Olali lili ndi masamu ake. M'chipinda chimene mpweya wake umasinthika ka 6 pa ola, pamatenga mphindi 46 kuti 99% ya timadontho tichoke, ndi mphindi 69 kuti tichoke 99.9%. Mpweya ukamasinthika ka 12 pa ola, nthawizi zimatsika kufika pa mphindi 23 ndi 35. Ndiye m'chipinda cha mazenera otseka, chopanda chotulutsa mpweya, ola limodzi silikwana. Wokalowa kukakonza avale N95.

Popeza klorini ndiye timamudalira chonchi, muyenera kudziwa kumusungunula ndi mutu wanu, osati kungoloweza. Mukakhala ndi wamadzi monga jiki, werengani mphamvu yake pabotolo, kenako gawani mphamvuyo ndi mphamvu imene mukufuna, n'kuchotsapo 1. Yankho ndi magawo a madzi amene muthire pa gawo limodzi la jiki.

```
magawo a madzi = (mphamvu ya pabotolo ÷ mphamvu yofunika) − 1
(3.5 ÷ 0.5) − 1 = 6
```

Jiki wa 3.5% amafuna makapu 6 a madzi pa kapu imodzi kuti akhale 0.5%. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mabuku ena amati gawo limodzi pa magawo 9 a madzi, ndipo akunena zoona, koma akukamba za botolo la 5%. Mukatsatira zimenezo ndi jiki wa 3.5%, mupeza 0.35%, wofooka kuposa amene mumafuna, ngakhale fungo lake lili lomwelo. Mphuno siyeza mphamvu ya klorini.

Waufa, amene timamutchula kuti HTH, masamu ake ndi awa:

```
magalamu pa lita = (mphamvu yofunika ÷ mphamvu ya ufa) × 1000
(0.5 ÷ 70) × 1000 = 7.1
```

Ndiye HTH wa 70% amafuna magalamu 7 pa lita imodzi, kapena pafupifupi magalamu 143 m'ndowa ya malita 20. Yezani pa sikelo. Takasani, dikirani kuti zotsalira zoyera zikhale pansi, n'kugwiritsa ntchito madzi a pamwamba. Sungunulani watsopano tsiku lililonse m'ndowa ya pulasitiki yovindikira, kutali ndi dzuwa, ndipo lembanipo mphamvu yake, tsiku ndi nthawi. Kutentha ndi kuwala zimamufoola, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala amafooka msanga kwambiri. Ufa umene wakhala m'chitini chosatseka bwino mpaka kuundana nawonso sulinso pa 70%.

Klorini ali ndi adani ake. Akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya wa poizoni, ndipo asidi muli naye pafupi: mankhwala otsukira utoto pa silaidi za TB ali ndi asidi. Musathire jiki mu sinki kapena m'chidebe momwe mwangotsanulira mankhwalawo. Mankhwala ena oyezera kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi ali ndi guanidinium thiocyanate, mudzaliona dzinali pa chikalata cha bokosi, ndipo akasakanikirana ndi klorini amatulutsa mpweya wakupha. Zotsalira zake zili ndi chotengera chakechake. Zinthu zonyowa ndi klorini musaziikenso mu otokilevu, zimatulutsa mpweya woipa ndi kudya makina.

Kunena za otokilevu, chimene chimapha tizilombo ndi nthunzi yofika paliponse pa madigiri 121, kwa mphindi zosachepera 15, ndipo thumba la zinyalala limafuna mphindi 30 kapena kuposerapo chifukwa pakati pake pamachedwa kutentha. Mukamanga thumba kwambiri kapena kudzaza makina mpaka pakamwa, mpweya umatsekeredwa mkati ndipo nthunzi siifika. Geji idzawerenga 121, koma pakati pa thumba padzakhala pasanafike pamenepo. Masulani thumba pang'ono ndipo thiranimo madzi pang'ono. Tepi yosintha mtundu imangokuuzani kuti kunja kwa thumba kunatentha. Umboni weniweni ndi kachubu ka njere za tizilombo totchedwa Geobacillus stearothermophilus koikidwa pakati pa katundu: zikamera pambuyo pake, katundu yense sanapse.

Kupatula mpweya, njira yachiwiri imene matenda amalowera ndi yobooka pakhungu. Munthu akabayidwa ndi singano yokhala ndi magazi a HIV, mwayi wotenga kachilomboka ndi pafupifupi 3 pa 1,000. Pa matenda a chiwindi a mtundu wa C ndi pafupifupi 2 pa 100. Pa matenda a chiwindi a mtundu wa B, kwa munthu wosalandira katemera, ndi pakati pa 6 ndi 30 pa 100. Ambiri timaopa HIV yokha, koma onani manambalawo. Kachilombo ka mtundu wa B kamakhalanso kamoyo m'magazi ouma pa benchi kwa masiku 7 kapena kuposerapo. Katemera wake alipo, majakisoni atatu: loyamba, lachiwiri patatha mwezi umodzi, lachitatu pa mwezi wachisanu ndi chimodzi. Ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti muyambe katemerayu musanayambe kugwira magazi, ndipo mumalize onse atatu.

Anthu ambiri amadzibaya pobwezera chivindikiro pa singano, dzanja lina litagwira chivindikiro, lina likulozetsa nsonga. Musabwezere, musapinde, musathyole. Singano ichoke pamkono wa wodwala n'kulowa m'bokosi la zobaya, ndipo bokosilo likhale pamene dzanja lanu lingafike musanabaye n'komwe. Likadzaza magawo atatu mwa anayi, litsekeni. Kukankhira singano ndi chala kuti mupeze malo ndiko kumabaya anthu, ndipo singano yoponyedwa m'thumba wamba imakabaya amayi kapena abambo okonza m'chipinda, amene sanaone n'komwe wodwalayo.

Mukadzibaya, vulani golovesi, tsukani pamalopo ndi sopo pa madzi oyenda. Musafinye, musayamwe, musathirepo jiki, chifukwa zimenezi zimangopweteka mnofu osachepetsa chiopsezo. Zikakugwerani m'maso, tsukani ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi 15. Kenako nenani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ngakhale mukuona kuti kulakwa ndi kwanu. Mankhwala oteteza ku HIV, amene timawatchula kuti PEP, amagwira bwino akayambidwa m'maola oyambirira, ndipo pakadutsa maola 72 saperekedwanso. Mudzayezedwa magazi kaye kuti adziwe mmene munalili, kenako mudzamwa mankhwalawo kwa masiku 28 osadumphitsa, n'kudzayezedwanso pa masiku amene adzakuuzeni. Lembani dzina kapena nambala ya chubu chimene chakhudzidwa kuti mwini magaziwo adziwike. Wophunzira amene wabisa chifukwa choopa kukalipiridwa amataya maola amene sangabwerenso. Palibe woyang'anira wanzeru amene angakulangeni chifukwa chonena.

Yotsala ndi njira ya pakamwa, ndipo imeneyi ndi imene imafika mpaka kunyumba. Pakati pa 2010 ndi 2011, ku America anthu 109 m'zigawo 38 anadwala ndi tizilombo ta Salmonella tochokera m'malabotale ophunzitsira ndi a zipatala. Ena mwa iwo anali ana amene sanapondeko mu labotale, koma ankakhala nyumba imodzi ndi ophunzira kapena ogwira ntchito kumeneko. Taganizirani mmene zimayendera. Golovesi yagwira chubu, kenako yagwira foni kuti muone uthenga. Golovesi yatayidwa, manja mwasamba bwino, koma foni yalowa m'thumba, ndipo madzulo mwana akuiseweretsa n'kuiika pakamwa. Cholembera chimene munachigwira ndi golovesi mumachiluma poganiza. N'chifukwa chake foni imatsala m'chikwama kunja, zolembera za pa benchi zimakhala za pa benchi, ndipo gauni siituluka kupita kokadya kapena kukachapidwa kunyumba pamodzi ndi zovala za ana. Mu labotale simudya, simumwa, simudzola zapamilomo, ndipo botolo lanu la madzi kapena thobwa sililowa mu firiji ya magazi ngakhale kunja kutatentha bwanji. Pipeti siikokedwa ndi pakamwa, ngakhale muli madzi okha, chifukwa chizolowezi sichisankha.

Magolovesi amanamiza. Amatchinga khungu lanu, koma amanyamula zonse zimene agwira kupita nazo pa chitseko, pa kompyuta, pa maikulosikopu. Amakhalanso ndi timabowo tosaoneka, ndipo povula manja amaipitsidwa mosavuta. Vulani motere: tsinani kunja kwa golovesi imodzi pafupi ndi pamkono, ikokeni itembenuke, igwireni ndi dzanja lovalabe, kenako lowetsani chala chosavala mkati mwa inayo n'kuitembenuzira pamwamba pa yoyambayo. Mukatero sambani m'manja ndi sopo kwa masekondi 40 mpaka 60, osaiwala zala zazikulu ndi pakati pa zala. Ngati muli ndi bala, limateni ndi pulasitala yosalowa madzi musanavale. Nsapato zikhale zotseka kutsogolo.

Chinthu china chimene sichilembedwa kawirikawiri pakhoma: ngati muli ndi HIV, matenda a shuga, muli oyembekezera, kapena mukumwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, uzani wachipatala woona za ogwira ntchito mwachinsinsi, kuti akuikeni pa benchi yoyenera. Ndipo mukayamba kukhosomola, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi kapena kuonda, musadikire, kayezetseni, ndipo nenani kuti mumagwira ntchito mu labotale.

Lolemba m'mawa, musanapatsidwe chubu chilichonse, ndidzakupemphani kuti aliyense andilozere pamene pali sinki yosambira m'manja, madzi otsukira maso, zida zokonzera zotayika, buku lolembamo ngozi, ndi nambala ya munthu wopereka PEP usiku. Kenako aliyense adzasungunula lita imodzi ya klorini wa 0.5% kuchokera pa botolo limene ndidzamupatse, ndipo mabotolowo sadzakhala a mphamvu yofanana. Mubwere ndi khadi lanu la katemera.

Ine wanu pa ntchito,
Katswiri wa za mu labotale